Momwe mungaphunzitsire aphungu kusiyanitsa chisoni cha oferedwa ndi matenda a chisoni chokhalitsa

Aphungu a zamaganizo ongoyamba kumene amakonda kuyeza chisoni ndi misozi: wolira kwambiri amati ndiye wadwala, wokhala phee amati walimba mtima. Ntchito ya phunziroli ndi kuwachotsera muyeso umenewu, chifukwa umasocheretsa.

Yambani ndi chisoni chabwinobwino musanatchule matenda. Woferedwa amasowa tulo, chakudya sichilowa, amakwiya, mwina amamva ngati malemu amuitana. Zonsezi si matenda. Chofunika kuti ophunzira achigwire n'chakuti chisoni chotere chimayenda. Lero munthu walira tsiku lonse, mawa wadzuka wagwira ntchito n'kusekako, mkuja chamubwereranso. Akatswiri Margaret Stroebe ndi Henk Schut anafotokoza mu 1999 kuti kupita uku ndi uku, pakati pa kulira ndi kukonzanso moyo, ndi mmene munthu amazolowerera imfa.

Kenako aphunzitseni kuwerenga miyezi. Buku la matenda la bungwe la WHO, lotchedwa ICD-11, limati kuti chisoni chitchedwe matenda, chikhale chitapitirira miyezi 6. Buku la madokotala a zamaganizo a ku America, DSM-5-TR, lomwe linatuluka mu 2022, limati miyezi 12 kwa akuluakulu ndi miyezi 6 kwa ana. Auzeni buku lomwe azitsata pantchito yawo, apo ayi munthu mmodzi adzamuweruza pawiri. Mabuku onsewa amagwirizana pa mfundo imodzi: chisonicho chikhale chopyola zomwe chikhalidwe ndi chipembedzo cha munthuyo zimayembekezera. Choncho phungu azifunsa kuti, "Kwanu anthu amalira nthawi yaitali bwanji?"

Miyezi payokha siikwana. Pachimake pa matendawa pali kulakalaka malemu kosaleka, kapena kumangoganiza za iwo pafupifupi tsiku lililonse. DSM-5-TR imafunanso zizindikiro zosachepera 3 mwa 8, monga kusakhulupirira kuti munthuyo anamwaliradi, kupewa chilichonse chokumbutsa imfayo, kumva ngati mbali ina ya iwe inafa, ndi kuona moyo wopanda tanthauzo. Ndipo zonsezi zikhale zikumulepheretsa kugwira ntchito, kusamala ana kapena kucheza ndi anzake.

Apa lekani kulankhula, apatseni nkhani yoyeserera awiriawiri. Mayi wa zaka 44 amuna awo anafa pangozi ya galimoto miyezi 14 yapitayo. Salira pokamba nanu, amayankha mwaulemu. Koma malaya a malemu akadali pomwe anawakoleka, ndipo salola munthu kuwakhudza. Amazungulira njira yaitali kuopa kudutsa pamalo a ngoziyo. Ntchito anasiya. Mukawafunsa za chaka chamawa amati, "Ine ndinapita nawo limodzi, chatsalachi ndi thupi chabe."

Ophunzira ambiri amati mayiwa ali bwino chifukwa sakulira. Awerengetseni: miyezi yakwana m'mabuku onse awiri, kupewa kulipo, kudziona ngati anafa kulipo, kubwerera kuntchito kwakanika. Kenako sinthani chinthu chimodzi chokha, munene kuti imfayo inachitika miyezi 4 yapitayo. Zizindikiro n'zomwezo, koma dzina la matenda silingaperekedwe. Mayiwa awathandize ndi kuwaonanso, osawamata dzina. Mukanena miyezi 8, mabuku aja asiyana, ndipo mtsutso umene ubuke m'kalasimo ndi wabwino, musaudule msanga.

Chovuta china ndi kusokoneza matendawa ndi matenda ovutika maganizo. Funso losavuta ndi ili: mtima ukuwawa chifukwa cha ndani? Wa chisoni chokhalitsa maganizo ake onse ali pa malemu, ndipo amatha kumwetulira akamakumbukira zabwino zawo. Wovutika maganizo chilichonse chamuzizirira, amadziona wachabechabe. Matenda awiriwa amathanso kukhala mwa munthu mmodzi. Kusiyanitsaku kuli ndi phindu, chifukwa mankhwala a kuvutika maganizo paokha sachotsa kulakalaka malemu.

Fomu ya mafunso 13 yotchedwa PG-13-R imathandiza, koma ndi yongounikira. Phungu asaisandutse chigamulo.

Mawu a mayi aja, akuti "ndinapita nawo limodzi", asangodutsa. Wophunzira aliyense ayesere kufunsa mokweza, mosazungulira: "Mayi, kodi munaganizapo zodzipha kuti muwatsatire?" Ambiri lilime limalemera pamenepa, ndiye abwereze mpaka lizolowere. Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Akavomera, makamaka ngati akonza kale njira, asasiyidwe okha ndipo aonedwe ndi achipatala tsiku lomwelo.

Ngati zizindikiro zakwana, phungu atumize munthuyo kwa katswiri wa zamaganizo. Chithandizo chomwe Katherine Shear, dokotala wa zamaganizo wa ku America, anakonza chimatenga maulendo 16: wodwala amafotokoza mobwerezabwereza za tsiku la imfayo, amabwerera pang'onopang'ono kumalo omwe ankapewa, n'kuyamba kukonza zolinga zakezake. Pakalata yotumizira, ophunzira azilembapo tsiku la imfa, zizindikiro zomwe aona, zomwe munthuyo wasiya kuchita, ndi yankho lake pa funso la kudzipha.