Kupeza Dzina la Nyimbo Yopanda Dzina pa Memore Khadi Yakale

Ambiri mwa ife amene tikukhala muno mu Johannesburg tinabwera ndi memore khadi imene tinakathiritsa nyimbo kwa anyamata obena nyimbo kumudzi, ndipo lero tikaitsegula timapezamo mafayilo olembedwa `Track 07.mp3` kapena `AUD-20160312-WA0004.mp3`, popanda dzina la nyimbo kapena la woimba. Pali njira ziwiri zopezera dzinalo, ndipo ndi zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi kuwerenga matagi, amene ndi mawu amene munthu wina analemba mkati mwa fayilo. Yachiwiri ndi kutenga chidindo cha kamvekedwe, chimene pulogalamu imachipanga kuchokera ku nyimbo yeniyeniyo. Matagi akhoza kunama chifukwa analembedwa ndi munthu, pamene chidindo chikhoza kulephera kupeza kanthu ngakhale nyimboyo ili yodziwika m'Malawi monse, choncho palibe njira imene muyenera kuikhulupirira payokha.

Musanachite china chilichonse, koperani zonse za pa khadiyo n'kuziika pa kompyuta, ndipo ntchito yonse muigwire pa zimene mwakoperazo. Ngati mukugwiritsa ntchito adaputa yaikulu ija yolowetsamo khadi yaing'ono, tsitsani kabatani ka m'mbali kolembedwa `Lock` kuti pasalembedwe kanthu pa khadiyo. Kompyuta ikakufunsani ngati mukufuna kufomata khadiyo, kanani, chifukwa mukavomera mutaya zonse. Izi ndi zofunika makamaka kwa amene mulibe kompyuta yanu ndipo mukagwirira ntchitoyi m'mashopu a intaneti a ku Yeoville, Hillbrow kapena Rosettenville, kumene makina amadutsa m'manja mwa anthu ambiri.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Mayfair ali ndi fayilo ija ya `AUD-20160312-WA0004.mp3` pa khadi imene inali mu foni ya malemu bambo ake. Dzina la fayilo likutiuza kale kuti inadzera pa WhatsApp, ndipo manambalawo akusonyeza tsiku limene inafika mu foniyo, pa 12 Malichi 2016. Limeneli si tsiku limene nyimboyo inajambulidwa, koma likutithandiza kudziwa kuti siingakhale yatsopano kuposa tsikulo.

Tsopano tsegulani fayiloyo ndi pulogalamu yaulere ya Mp3tag kapena MediaInfo. Fayilo ya MP3 ikhoza kukhala ndi matagi a mitundu iwiri nthawi imodzi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasiyira ntchito panjira. Mtundu watsopano, wa ID3v2, umakhala kumayambiriro kwa fayilo ndipo ndi umene foni imakuonetsani. Mtundu wakale, wa ID3v1, umene unayamba mu 1996, umakhala m'mabaiti 128 omalizira a fayilo, umayamba ndi mawu akuti `TAG`, ndipo umapereka malo a zilembo 30 zokha pa dzina la nyimbo, 30 pa woimba ndi 30 pa chimbale. Zimachitika kuti wobena nyimbo afafaniza matagi a kumayambiriro n'kulembapo dzina la shopu yake ndi nambala ya foni, koma a kumapeto aja atsala osakhudzidwa. Mu Mp3tag mukhoza kusintha makonzedwe kuti iwerenge ID3v1 yokha, ndipo pa kompyuta ya Linux kapena Mac lamulo ili likuonetsani kumapetoko:

```
tail -c 128 AUD-20160312-WA0004.mp3
```

Pa fayilo ya mayi uja, tinene kuti kumayambiriro kwapezeka dzina la shopu lokha, koma kumapeto kwapezeka dzina la chimbale lodukira pakati chifukwa cha malire a zilembo 30 aja. Lilembeni papepala monga momwe lilili, pamodzi ndi kutalika kwa nyimbo, tinene mphindi 5 ndi masekondi 12. Musalitenge ngati yankho, chifukwa amene analilemba akhoza kukhala kuti anaika dzina limodzi pa nyimbo zonse za mu foda. Dziwaninso kuti mafayilo othera ndi `.amr`, amene mafoni akale ankajambulira mawu, alibe matagi oterewa, choncho pa iwo pitani pa chidindo basi.

Pulogalamu ya MusicBrainz Picard ndi imene ndimalangiza pa gawo la chidindo. Mukaikamo fayilo, dinani `Scan`, osati `Lookup`, chifukwa `Lookup` imafufuza pogwiritsa ntchito matagi omwe aja amene tikuwakayikira. `Scan` imawerenga masekondi 120 oyambirira a nyimbo, n'kuyeza momwe manotsi akusinthira nthawi ndi nthawi, kenako imatumiza chidindocho pamodzi ndi kutalika kwa fayilo ku nkhokwe ya AcoustID. Njirayi inapangidwa kuti izindikire fayilo yathunthu yofanana ndi imene wina anailembetsa kale, ndipo sivutika ngakhale fayiloyo itafinyidwa kuti ichepe. Imavutika fayilo ikadulidwa kapena ikawonjezeredwa kanthu.

N'chifukwa chake muyenera kumvetsera poyambira ndi makutu anu. Pa fayilo ya mayi uja, masekondi 14 oyambirira ndi mawu a mnyamata akulengeza shopu yake, ndipo zimenezi zasuntha nyimbo yonse ndi kuitalikitsa, moti Picard siipeza. Dulani gawo limenelo, zotsalazo zipite mu fayilo yatsopano, n'kuyesanso:

```
ffmpeg -ss 14 -i AUD-20160312-WA0004.mp3 -c copy yodula.mp3
```

Ikalepherabe, yesani pulogalamu ya pa foni ya Shazam, imene imagwira ntchito mwa njira ina. Iyo imatola malo amene mawu akumveka mwamphamvu kwambiri m'kachidutswa ka masekondi ochepa, choncho ikhoza kuzindikira nyimbo kuchokera pakati, ngakhale pali phokoso. Seweretsani fayiloyo pa kompyuta, yandikizani foni, ndipo yesani malo atatu osiyana, makamaka pamene woimba akuimba osati pamene pali ng'oma zokha. Ikakupatsani mayina osiyana pa malo atatuwo, onsewo ndi okayikitsa. Ikabwereza dzina limodzi, yerekezani ndi chimbale chodukira chija ndi kutalika kumene munalemba mutachotsapo masekondi 14 aja, kenako mvetserani nyimbo imene yakupatsaniyo mpaka mutatsimikiza kuti mawu ndi zoimbira ndi zomwezo.

Chidindo chimazindikira kujambula kumodzi, osati nyimbo monga momwe ife timaidziwira. Kwaya ya ku Mangochi ikaimba nyimbo yomwe kwaya ya ku Lilongwe inajambula, makina amaziona ngati zinthu ziwiri zosagwirizana. Nyimbo yokopedwa kuchokera pa kaseti imene inkathamanga kapena kuchedwa pang'ono imalepheranso kawirikawiri. Chinanso n'chakuti nyimbo zambiri za kwathu, makamaka za makwaya ndi za m'nthawi ya makaseti, palibe amene anazilembetsa m'nkhokwe zimenezi. Zikatero, lembani mzere umodzi wa mawu a m'nyimboyo, tengani chaka cha 2016 chija ndi chimbale chodukiracho, mukafunse akuluakulu a kutchalitchi, kumzikiti kapena a m'gulu lanu la maliro, muwamvetsere masekondi 30 a pakati pa nyimbo.

Mukatsimikiza dzina, samalani ndi batani la `Save` mu Picard, chifukwa limalemba matagi atsopano pamwamba pa akale, ndipo ngati mwasankha nyimbo yolakwika mufafaniza umboni umene ukanakuthandizani. Lembani dzinalo pa fayilo yokopera yokha, ndipo m'malo a `Comment` ikanimo dzina lakale la fayilo ndi njira imene mwapezera yankho, kaya ndi chidindo, matagi kapena munthu amene anaizindikira. Khadi yeniyeniyo isungeni monga momwe inalili.