Musanatumize ndalama kumudzi, funsani kuti akalandira zingati

Mnyamata wina wa ku Mzimba amagwira ntchito yolima maluwa ku Cape Town, ndipo mwezi uliwonse ankatumizira mayi ake 1,000 randi. Ankadutsa kwa munthu wina yemwe ankamudula 50 randi yokha, iye n'kumati wapeza zotchipa.

Tsiku lina mnzake wogona naye chipinda chimodzi anamuuza kuti: "Achimwene, musamangoona zimene akudulani. Funsani kuti randi imodzi akuisintha pa makwacha angati." Mnyamatayo anafunsa malo atatu tsiku lomwelo, pa 1,000 randi yomweyo, n'kulemba makwacha amene mayi akalandire m'manja. Zinapezeka kuti odula zambiri pang'ono ankasintha pa mtengo wabwino, moti kumudzi kunkafika ndalama zochuluka kuposa kwa wotchipa uja.

Chinanso chimene ambiri timaiwala ndi mbali ya wolandira. Ndalama ikalowa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, potapa kwa ejenti amadulanso, koma mayiwo sakweranso minibasi kupita kuboma, ulendo umene unkadya ndalama yokwana kugula shuga ndi sopo.

Pano mnyamata uja amatumizabe kamodzi pamwezi, popeza kutumiza pang'onopang'ono kumadulitsa kangapo. Mtengo wa randi umasinthasintha, choncho amafunsanso tsiku lotumizalo asanapereke ndalama.