Zovala za intavyu kuchokera pa kaunjika

"Andiitana ku intavyu Lolemba, koma ndalama n'zochepa. Ndigule bwanji zovala pa kaunjika?"

Achimwene, musadikire Loweruka. Pitani Lachinayi m'mamawa, nthawi imene akumasula belo, chifukwa masana mumangopeza zotsala.

Yambani ndi nsapato, poti ndizo zimavuta kupeza. Zikhale zakuda, zachikopa. Pindani soli ndi manja: ikaonetsa ming'alu, isiyeni, idzathyokera m'njira. Valani zonse ziwiri ndi sokosi, muyende pang'ono.

Kenako shati yoyera kapena yabuluu wosawala, yamanja aatali. Iyang'aneni padzuwa, makamaka kolala ndi m'khwapa. Chikasu cha thukuta lakale sichichoka ndi sopo. Mangani batani lapakhosi, zala ziwiri zilowe bwino.

Thalauzi ikhale yakuda kapena yotuwa. Ikatalika kapena kukula m'chiuno, telala wapakhonde akonza tsiku lomwelo, koma yothina m'ntchafu musagule. Jekete siyofunika kwenikweni. Ine ndimakonda shati yokwana bwino kusiyana ndi jekete yogwa mapewa.

Chapani Lachisanu kuti fungo la belo lichoke, yanikani pamthunzi, musite Loweruka magetsi akadalipo. Nsapatozo pakani polishi, muyende nazo Lamulungu kuti mudziwe pamene zikuluma.