Munthu akavulala pamsewu, anthu n'kumangoonerera

"Wakabaza wagundidwa pa Kamuzu Road, anthu adzaza koma palibe akuthandiza. Nditani?"

Mukufunika foni ya mayunitsi ndi nsalu yoyera, ngakhale chitenje.

1. Onetsetsani kuti galimoto zina sizikugundani, kenako yandikirani ndinu. Pagulu aliyense amaganiza kuti wina athandiza, ndipo akaona anzake ali duu amati zinthu sizinaipe.

2. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: kukuwa kuti "Thandizani!" Mawuwo sagwera munthu aliyense. Lozani mmodzi: "Achimwene a malaya ofiira, imitsani galimoto ipite naye kuchipatala cha boma. Amayi, imbirani apolisi." Dikirani avomere. Mu 1968, pa kafukufuku wawo, akatswiri Darley ndi Latané ku Amerika anapeza kuti mwa anthu amene ankaganiza kuti ali okha, 85 pa 100 anathamangira kukathandiza, koma amene ankaganiza kuti pali ena anayi, 31 okha pa 100.

3. Panikizani bala ndi nsalu. Ngati akudandaula khosi, musamunyamule mwachisawawa.

4. Musaliope gululo, ine sindikhulupirira kuti ndi louma mtima. Kafukufuku uja anali wa m'chipinda. Wa 2019, woona makamera a m'misewu ya mayiko 3, anapeza kuti pa mikangano 10, pa 9 wina analowererapo.