Dzina lanu pa mapepala a kafukufuku musamalisinthesinthe

Nyengo ya mapulomoshoni ino ndaonanso vuto lomwe lija, lekichara wagwira ntchito zaka zambiri, mapepala alipo ndithu, koma mukatsegula Scopus, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a kafukufuku, mupeza munthu mmodzi ali ndi mapulofailo awiri kapena atatu ndiye amabwera ku laibulale atakwiya kuti makina akumubera. Makina sakuba ayi, dzina mwalisintha nokha.

Tiyerekeze mayi wina pepala lake loyamba la masitazi analemba C. Phiri, atakwatiwa nkuyamba kulemba C. Phiri-Banda, kenako pepala lina mnzake amene amatumiza ku jenolo anangolemba C.M. Banda osafunsa nkomwe. Kwa ife ndi munthu mmodzi, timamudziwa. Koma Scopus simudziwa, imayang'ana dzina, komwe mumagwira ntchito, gawo la maphunziro ndi anthu amene mumalemba nawo, nkuganiza yokha kuti mapepala awa ndi a munthu mmodzi kapena ayi. Ndiye ganizani a Banda ndi a Phiri alipo angati ku Malawi ndi ku Zambia kuno, ndipo mu ndandanda wa maumboni kumapeto kwa pepala dzina loyamba limangotsala chilembo chimodzi basi. Wonjezani kuti mu 2021 College of Medicine inalowa mu KUHeS, Polytechnic nkukhala MUBAS, ndiye ngati dzina lanu linasinthanso nthawi yomweyo makina alibe pogwira.

Tsopano onani chimene mumataya. Nenani kuti mayi uja ali ndi mapepala 10, ndipo ena awatchula mu ntchito zawo motere: 30, 22, 15, 12, 9, 8, 6, 4, 2, 1. Mukawerengera h-index, nambala ija yoyezera ntchito ya wofufuza imene anayambitsa Jorge Hirsch mu 2005, yake ndi 6, chifukwa ali ndi mapepala 6 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 6. Agawikeni pawiri, pulofailo ina itenge 30, 15, 9, 4, 1 inayo itenge 22, 12, 8, 6, 2. Iliyonse h-index yatsika kufika pa 4. Ndipo musati muphatikiza 4 ndi 4 kukhala 8, siziyenda choncho. Wa komiti kapena wopereka ndalama za kafukufuku amatsegula pulofailo imodzi imene yabwera pamwamba, waona 4, wapita kwa wina. Alibe nthawi yoti azikufufuzani ngati wapolisi.

Chimene chimanditopetsa ndi chizolowezi choti dzina ndi nkhani yaing'ono. Pulufu ikabwera kuchokera ku jenolo anthu amathera maso pa matebulo, mzere wa mayina osauyang'ana nkomwe, chonsecho mkonzi wa ku Ulaya sangadziwe kuti pakati pa Chimwemwe ndi Mwale dzina la bambo ndi liti, mukasemphanitsa mabokosi pa fomu zituluka choncho basi ndipo aliyense wokutchulani azikopera cholakwikacho. Ena lero alemba Ng'oma mawa Ngoma, lero ŵ mawa w. Mdala wina kumudzi kwathu anandiuza mmene anabwerera chimanjamanja pogula feteleza wotsika mtengo chifukwa dzina la mkaundula linasiyana ndi la pa chitupa cha unzika, anati mwanawe munda ndi wanga, nkhope ndi yanga, mfumu ikundidziwa, koma kalaliki akuti si ine. Iyeyo ndimamumvetsa poti dzinalo analemba ndi ena, koma inu a dokotala mumalemba nokha.

Kwa amayi sindikunena kuti musatenge dzina la abambo akunyumba, zimenezo ndi zanu. Ndikungoti la pa mapepala sankhani limodzi, ambiri amangopitiriza limene anayamba nalo, ndipo silichita kufanana ndi la pa chitupa. Ngati ndinu Banda kapena Phiri chilembo cha pakati chija musachisiye ngakhale kamodzi.

Zokonza ndi zachidule. Tsegulani ORCID, ndi yaulere, ilipo kuyambira 2012, imakupatsani nambala ya manambala 16 imene sisintha ngakhale dzina lisinthe, mayina akale aja ikani pa Also known as, koma imodzi yokha chonde osati kutsegula yatsopano mukaiwala pasiwedi. Muziiyika nthawi iliyonse mukutumiza pepala. Ku Scopus pemphani kuti aphatikize mapulofailo, zimatenga masiku ndiye musadikire sabata yotseka mafomu. Pa Google Scholar onjezani nokha mapepala akusowawo ndipo chotsani a Banda ena amene alowerera, pepala likaoneka kawiri chongani onse awiri mudine Merge. Anzanu olemba nawo atumizireni dzina lanu pa meseji mmene mumalilembera asanatumize ku jenolo.