Kufupikitsa Lipoti Lalitali Pang'onopang'ono

"Ndili ndi lipoti la masamba 200, ndingalifupikitse bwanji kuti likwane tsamba limodzi?"

Musanayambe, khalani ndi lipoti lonse, kope lolembamo, komanso dziwani amene adzawerenge chidulecho ndi chimene akufuna kupezamo.

1. Gawani lipotilo potsatira mitu yake. Ngati lilibe mitu, dulani pamene nkhani ikusintha, osati pakati pa mfundo. Tinene kuti mwapeza zigawo 10.

2. Werengani chigawo chimodzi, kenako lembani chidule chake cha mawu pafupifupi 150, chonena mfundo yaikulu, umboni wake ndi tsamba limene zachokera. Manambala ndi maina muwakopere monga alili.

3. Mukamaliza zonse, werengani zidulezo motsatana, mawu 1,500 onsewo, n'kumachonga mfundo zobwerezedwa ndi zotsutsana.

4. Lembani chidule chimodzi cha mawu ngati 400. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amangolumikiza zidulezo n'kupatsa chigawo chilichonse mawu 40, ngakhale kuti chigawo cha zotsatira chimalemera kuposa cha mawu oyamba. Choipa kwambiri n'chakuti mawu ochepetsa mphamvu ya mfundo amatayika: lipoti likanena kuti zokolola zinakwera "m'minda yothirira yokha", chidule choyamba chimataya "yokha", ndipo chachiwiri chimangoti zokolola zinakwera. Sanjani potsatira mfundo, osati zigawo.

5. Yerekezani chiganizo chilichonse ndi lipoti lenilenilo pogwiritsa ntchito manambala a masamba munalemba aja, ndipo chimene simukuchipeza muchichotse.