Vidiyo yanga yalembedwa Copyright pa YouTube chifukwa cha nyimbo ya eni

"Ndaika vidiyo ya chinkhoswe cha ku Matero pa YouTube, koma yalembedwa kuti nyimbo ili ndi eni ake. Ndipeza bwanji mbali yomwe yakhudzidwa?"

Zofunika: kompyuta, akaunti yomwe munaikira vidiyoyo, ndi fayilo yoyamba. Fayiloyo isungeni bwino.

1. Lowani mu YouTube Studio, dinani Content, mupeze vidiyo yolembedwa Copyright.

2. Tsegulani tsatanetsatane wake. Muona dzina la nyimbo, mwini wake, ndi nthawi yake, tinene 4:12 mpaka 5:40. Makina a YouTube ozindikira nyimbo, otchedwa Content ID, afananitsa masekondi 88 amenewo ndi nyimbo yomwe eni ake analembetsa. Mbali zina sizinakhudzidwe. Chimenechi si chilango chotseketsa akaunti, musade nkhawa.

3. Mverani kuyambira 4:00. Kawirikawiri ndi nyimbo ya DJ yomveka chapansipansi ankhoswe akulankhula, n'chifukwa chake simunaizindikire.

4. Ngati nyimbo zili ziwiri, iliyonse ili ndi nthawi yakeyake. Onani zonse.

5. Sankhani chochita: kudula mbaliyo, kuika nyimbo ina, kapena kuzimitsa mawu. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mukazimitsa phokoso lonse la mbaliyo, malangizo a ankhoswe ndi nthungululu zimapita limodzi ndi nyimbo. Yambani mwayesa kuchotsa nyimbo yokha, mumvere zotsatira zake musanasunge. Pena mawu amatsala osamveka bwino. Zikatero bwererani ku fayilo yoyamba, mukonze mbaliyo, muikenso.

Kutsutsa dandaulo la Copyright limeneli kusiyireni amene ali ndi chilolezo cha eni nyimbo. Kulipira DJ si chilolezo.